Nsomba Imene Ndinabisalamo

Ndinali mu Folomu 2 pamene ndinayamba kulembera nyuzipepala ya Chinyanja imene inkafika kusukulu kwathu. Pansi pa tsamba la makalata mkonzi ankanena kuti munthu angathe kudzitcha dzina lililonse, koma alembenso dzina lake lenileni ndi keyala, zimene sizidzasindikizidwa. Ndinachita zomwezo. Dzina lobisalira ndinalifuna masiku atatu m'kope langa lolembamo za tsiku ndi tsiku, mpaka ndinasankha Mcheni, nsomba yowonda ya mano akuthwa. Ndinkafuna kuti mawu anga aziluma.

Kalata yanga inanena kuti mwini lole wa padoko pathu amasakaniza nsomba zowola ndi zabwino popita nazo ku Lilongwe. Sindinazione ndi maso. Ndinazimva kwa amayi ena pachitsime. Dzina lake sindinatchule, ndipo ndinkaganiza kuti pamenepo ndachenjera. Koma padoko ponse lole inali imodzi.

Nditabwera kutchuthi ndinapeza amayi atatupa maso.

"Amalume ako aitanidwa ku khoti Lachisanu," anatero. "Akuti anyoza mwini lole m'nyuzi. Munthu wosadziwa ndi A yemwe!"

Ndinafunsa chimene awaganizira iwowo.

"Akuti pansi pa kalatayo pali dzina lawo la ku Mbenji."

Ku chilumba cha Mbenji akazi sitipondako. Asodzi akakhala kumeneko amapatsana maina achipongwe amene sanena pamaso pa alongo awo. Ine ndinkangodziwa kuti ndi amalume. Sindinadziwe kuti amuna onse a m'mangalawa amawatcha Mcheni chifukwa cha mano awo otuluka.

Masiku awiri sindinadye bwino. Ndikaona mesenjala wa khoti panjinga, ndinkathawira m'nyumba. M'kope ndinalemba kuti: ndikaulula, a mishoni andichotsa sukulu, ndikakhala chete, amalume alangidwa. Kenaka ndinang'amba tsambalo poopa kuti wina aliwerenga.

Lachitatu ndinapita kwa kalaliki wa khoti, bambo amene kale ankaimba kwaya ndi atate. Ndinayamba mozungulira, kuti mnzanga wina kusukulu akufuna kudziwa.

"Mnzakoyo ali ndi inki pachala ngati iwe?" anafunsa. "Khala pansi, mwanawe."

Ndinati, "Koma bambo, Mcheni wa m'nyuzi kulibe. Angazenge mlandu munthu amene kulibe?"

"Kudzitcha dzina lina polemba si mlandu, bola usanamize nalo anthu kuti uwabere," anayankha. "Koma dzinalo ndi chipewa chabe. Khoti siliitana chipewa, limaitana mutu. Samani, kalata yoitanira ku khoti, imalembedwa dzina lenileni la munthu. Amalume ako akalumbira kuti sadziwa kulemba, mwini lole atha kupita kwa maloya ku Blantyre kukasumira nyuzi yomwe, pakuti wosindikiza naye amayankha. Kumeneko mkonzi angafunsidwe wolemba. Dzina lako ali nalo?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Nanga zowolazo unaziona? Zikanakhala zoona, ndi mboni zake, ukanakhala ndi poima."

Ndinalibe poima.

Amalume ndinawapeza akusoka ukonde pansi pa mtengo. Ndinagwada patali, ndi kunena zonse. Iwo anaika singano pansi.

"Nsomba zonse za m'nyanjamu, iwe n'kusankha ine?" anatero. "Chambo chinakulakwira chiyani?"

Ndinayamba kulira. Ndinati Lachisanu iwo asapite, ndikaima ndekha.

"Ukaima wekha ngati ndani? Ndiwe mwana wa mlongo wanga. Mlandu wako ndi wanga, ngakhale ukanadzitcha Ng'ona."

Lachisanu tinaima awiri. Kalaliki anafufuta dzina la amalume pamalo a wolemba, nalemba langa lonse, laubatizo ndi la atate. Ataliwerenga mokweza, anthu anatembenuka, ndipo ndinamva ngati andivula nsalu pamsika. Mwini lole anandiyang'ana nati, "Kamtsikana aka? Ndimayesa ndikulimbana ndi mwamuna wa mano." Anthu anaseka, ine ayi. Khoti linagamula kuti amalume apereke mbuzi, ndipo ine ndilembe kupepesa m'nyuzi yomweyo. Mwini lole anawonjezera kuti pansi pake pasakhale nsomba.

Kupepesako kunatuluka nditabwerera kusukulu. Aphunzitsi aakulu, mayi wa mishoni, anandiitana nyuzi ili patebulo. Ndinali nditamanga kale katundu wanga m'bokosi. Anandifunsa ngati ndinaulula ndekha kapena anachita kundigwira. Ndinati ndekha, ngakhale ndinachedwa masiku awiri. Anandipatsa chilango chosesa chipinda cha mabuku mpaka kutha kwa chaka, ndipo anati kalata iliyonse yopita ku nyuzi izidzera kwa iwo.

Ndinamasula bokosi lija. Ndinalembanso patapita chaka, ndi dzina lina lobisalira. Koma ndisanalitumize ndinalembera amayi kuti akafunse amalume ngati ku Mbenji kuli mwini wake.