Nkhope ya pa Nsalu ndi Mwana wa Zaka Zinayi

Chaka chimenecho ananditumiza kuchoka ku Balaka kupita ku Nsanama kuti ndikaphunzitse amayi amene ankakonzekera kusamala ana m'sukulu za mkaka. Nkhondo ya ku Mozambique inali itafika povuta, ndipo aliyense wotsika basi ndi chikwama anthu ankamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. Inenso ndinkawabwezera diso lomwelo. Chibadwire ine sindikhulupirira munthu msanga, ndipo m'masiku a chipani chimodzi khalidwe limeneli linkandisunga.

Buku limene ndinapatsidwa linali lachingerezi, lochindikala ngati njerwa, lofotokoza mmene nzeru za mwana zimakulira malinga ndi katswiri wina wa ku Ulaya. Ophunzira anga ambiri analekezera sukulu panjira, ena ankadziwa madarasa okha, ndipo akatembenukirana ankayankhula Chiyao. Ndikanawawerengera bukulo bwenzi nditagonetsa kalasi yonse. Choncho ndinalifinya mpaka panatsala magawo anayi oti munthu angawasunge m'mutu akupita kumjigo.

Ndinawauza kuti kuchokera pobadwa kufika cha m'zaka ziwiri, mwana amadziwa dziko ndi pakamwa, manja ndi maso. Khanda la miyezi yochepa ukalibisira supuni pansi pa mpango limangoiwala, koma likamayandikira chaka limakweza mpangowo chifukwa lazindikira kuti chobisika sichinathe. Kuchokera zaka ziwiri kufika cha m'zisanu ndi ziwiri mawu amabwera ambiri, chitsononkho chimasanduka khanda loberekedwa, ndipo mwana amaganiza kuti zinthu zili ndi moyo ngati iyeyo: mwezi ukumutsatira, mpando umene wamugwetsa ndi wankhanza. Kenako, mpaka cha m'zaka khumi ndi chimodzi, amayamba kuganiza mwadongosolo, koma pa zinthu zooneka ndi zogwirika. Gawo lomaliza ndi la wachinyamata amene angathe kusinkhasinkha za zinthu zosaoneka, n'kumafunsa kuti zikanakhala mwakuti bwenzi zitatani. Zakazi ndinkawachenjeza kuti si malire a munda, ana ena amafulumira, ena amachedwa, koma ndondomeko yake sisintha.

M'kalasimo munali mayi mmodzi amene sindinkamufuna ngakhale pang'ono. Anali mkazi wa tcheyamani wa chipani m'deralo. Ankakhala kutsogolo, tsiku lililonse atavala nsalu ya chipani yokhala ndi nkhope ya mtsogoleri wa dziko, ndipo sankafunsa funso. Ndinkati mumtima, uyu sanabwerere za ana, wabwera kudzatola mawu anga. Ndikanena chinthu choseketsa ndinkayamba ndamuyang'ana kaye, ndipo anzake nawo ankadikira kuti aone ngati mano ake aoneka.

Kumbuyo kwenikweni kunkakhala mayi wina wachitsikana wochokera ku Chiuta, wa manyazi koma wa mutu wakuthwa. Mwamuna wake anali msodzi, ndipo poti nyanja ya Chiuta ili m'malire, kunali kale manong'onong'o oti bwato lake limaolotsa anthu osadziwika. Mayiyu ankabwera ndi kamtsikana kake ka zaka zinayi, kolongolola ngati wailesi, kofunsa chilichonse. Kamwanaka ndinkakakonda kwambiri, ndipo ndi kamene ndinkaonetsera gawo lachiwiri.

Tsiku lina m'mawa ndinathira madzi ofanana m'makapu awiri, kamtsikanako n'kuvomereza kuti ndi ofanana. Kali chiyang'anire, ndinatsanulira a m'kapu imodzi m'botolo lalitali lowonda, n'kufunsa kuti ambiri ndi ati. Kanaloza botolo mosakayika. Amayi anaseka, ndipo ndinawafotokozera kuti kameneka si kupusa: pa msinkhu uwu mwana amaona kutalika kokha, sangathe kubweza madziwo m'kapu ndi maganizo. Kenako ndinakafunsa ngati njinga imene inali panja imamva kutopa. Kanati eya, n'chifukwa chake yatsamira khoma. Tinasekanso, ndipo nthawi yomweyo maso ake anagwera pa mkazi wa tcheyamani, amene nsalu yake inali itatembenuka pokhala pabenchi.

“Amayi inu, mwawakhalira anganga a pansaluwo,” kanatero mokweza. “Sakupuma. Afa.”

Masiku amenewo kutchula imfa pamodzi ndi nkhope imeneyo kunali kudziitanira galimoto yosabweza anthu. Mayi wa ku Chiuta ananyamuka ngati walumidwa ndi linthumbwi, n'kukatseka pakamwa pa mwanayo ndi dzanja. Mkazi wa tcheyamani anaimirira, anakonza nsalu yake bwinobwino, n'kukhalanso pansi. Ine ndinayesa kupitiriza phunziro. Ndinkachita mantha, ndiponso ndinali wokwiya, osadziwa kuti ndikwiyire ndani.

Pofika madzulo nkhaniyo inali itazungulira msika wonse, ndipo wolakwa sanalinso mwana. Ankati mkazi wa msodzi wa ku Chiuta akufunira mtsogoleri imfa, poti mwana sapeka zinthu, amangonena zimene wamva m'nyumba. Amene anaitulutsa m'kalasi ine sindinakayike. Ndinkamuona mkazi wa tcheyamani m'maganizo akuuza mwamuna wake, mawu ndi mawu, mwinanso akuthira kamchere. Mayi wa ku Chiuta anabwera kumene ndinkagona, maso ali psu, n'kundilumbirira kuti m'nyumba mwawo dzina la munthu ameneyo silitchulidwa n'komwe. Anati akawatenga iyeyo ndi mwamuna wake, ana atsala ndi apongozi osaona. Ndinamuuza kuti asathawe, chifukwa kuthawa kukanakhala kuvomera. Ndinanena molimba mtima, koma ngati ndinkamuthandiza kapena kumupereka sindinkadziwa.

M'mawa mwake tcheyamani anabwera ndi anyamata awiri a chipani, amene anaima pakhomo. Anali bambo wamfupi, wogulitsa fodya ndi nandolo pamsika, waulemu wochititsa mantha. Anandipatsa moni wautali, anafunsa za ku Balaka, kenako anati wamva kuti pasukulu pano tikumafunsa ana mafunso, ndipo akufuna amve zimene ana akuyankha. Ndinamupempha kuti akhale pansi ndimufotokozere magawo anayi aja. Ndinafotokoza mwachidule kuposa tsiku lina lililonse, ndipo pa gawo lachiwiri ndinachedwapo. Ndinavomera kuti ana amabwereza zimene amva, zimenezo n'zoona. Koma ndinati pa msinkhu uwu amapekanso okha, chifukwa kwa iwo chilichonse chokhala ndi maso ndi mphuno chingathe kupuma ndi kumva kuwawa. Mwanayo sankafunira munthu imfa, ankamumvera chisoni.

Tcheyamani anamvetsera akugwedeza mutu ngati akugwirizana nazo. Nditamaliza anati, “Zimenezo ndi za ana a azungu, aphunzitsi. Athu kuno amanena zimene amva.”

Ndipamene mkazi wake anaimirira, ndipo mtima wanga unati basi, mboni ija yafika. Anatuluka panja osapempha, n'kubwerera atagwira dzanja la mwana wawo wamwamuna wa zaka zisanu, amene ankasewera ndi anzake pafupi ndi mjigo. Anamuimika patsogolo pa tebulo langa, natenga makapu aja ndi botolo. Anachita zonse mmene ndinkachitira ine, osaphonya kanthu, mpaka kufunsa kaye ngati madziwo ali ofanana asanatsanule. Munthu amene ndinkati sanabwerere za ana uja. Mnyamatayo analoza botolo. Kenako mayiyo anatambasula m'mphepete mwa nsalu yake, nkhope ija n'kuonekera, ndipo anamufunsa mwa Chichewa kuti aliyense amve, kuti mayi akewo akamachapa nsalu imeneyi iye amalira chifukwa chiyani.

“Mumawamiza m'madzi,” anatero mnyamatayo. “Ndiye mumawamenyetsa pamwala. Sopo amawalowa m'maso.”

Mmodzi wa anyamata a pakhomo anayang'ana kudenga. Mayiyo anatembenukira kwa mwamuna wake, mawu ake ali pansipansi.

“Bambo, uyu wazimva kwa ndani? Kwa inu kapena kwa ine?”

Tcheyamani anapukuta thukuta ndi chipewa. Kenako anaseka kuseka kosachokera m'mimba, n'kunena kuti ana ndi ana, ndipo boma likuchita bwino kutumiza maphunziro otere kumidzi. Anatilangiza kuti tizimanga nsalu mosamala, anatsanzika mwaulemu womwe uja, anyamata ake n'kumutsatira. Palibe amene anatengedwa.

Musaganize kuti kuyambira pamenepo ndinamukhulupirira mayi uja. Mpaka lero sindidziwa ngati anachita zimenezo pofuna kupulumutsa mnzake, kapena poona kuti nkhani ikapita patali afunsidwa kuti wokhalira nkhopeyo anali ndani. Sindidziwanso amene anakanena kumsika. Nditayamba kuwayang'ana bwino amayi enawo, ndinaona kuti aliyense akanatha, ngakhale aja ankandibweretsera chinangwa chophika. Tinapitiriza maphunziro tikuonana ndi ngodya ya diso, ndipo mkazi wa tcheyamani anabwerera pa benchi lake lakutsogolo, osafunsabe funso.

Mayi wa ku Chiuta sanasiye sukulu, ndipo ndinasangalala. Mwanayo ankabwera nayebe, koma tsopano ankamukhazika pamiyendo, dzanja lili paphewa. Sindinafunse zimene zinachitika kunyumba kwawo madzulo a tsiku lija. Ndinkangoona kuti wailesi yathu yazima.

Pa tsiku lomaliza aliyense ankayenera kufotokoza yekha magawo anayiwo ndi kuonetsa limodzi pogwiritsa ntchito mwana. Mayi wa ku Chiuta anafotokoza bwino kuposa onse, theka Chichewa theka Chiyao, mpaka ndinamva nsanje pang'ono. Atafika poonetsa, anaimika mwana wake patebulo paja, anathira madzi m'makapu, anatsanulira ena m'botolo, n'kumufunsa mokoma kuti ambiri ndi ati. Kamtsikanako kanayang'ana botolo, ndipo ndinaona kachala kake kakunyamuka. Kenako kanayang'ana mayi ake, kanayang'ana ine, kanayang'ana nsalu ya pa benchi lakutsogolo, n'kubisa dzanja kumbuyo.

“Yankha, mwanangu, palibe akumenye,” anatero mayi ake.

“Sindikudziwa,” kanatero, maso ali pansi.

Mayiyo anafunsanso mwa Chiyao, kamwanako n'kungopukusa mutu. Mayiyo ndinamupatsa malikisi onse, ndipo madziwo ndinakataya ndekha kuseri kwa kalasi, kumene palibe akanandiona ndikulira.