Chingwe cha Buluu cha Apongozi

Quintino anabadwira kumsasa wa anthu othawa nkhondo ku Malawi, nakulira ku Tsangano makolo ake atabwerera, pakati pa minda ya kachewere yomwe sanaikonde ngakhale tsiku limodzi. Khasu ndi iye sankamwerana madzi. Atapeza mpata wokaphunzira zamakompyuta ku Tete, anathamanga osacheuka. Koma chikondi chilibe ulemu ndi masatifiketi: anakwatira Tiwonge wa kufupi ndi Furancungo, nakhala mkamwini pamudzi pa eni ake, nyumba yake moyang'anana ndi ya apongozi.

Ntchito anaipeza pa koperativa ina yogula soya ndi nyemba. Kumeneko magalimoto amapakira usiku kuti anyamuke kusanache, ndipo galimoto silichoka popanda giya, chikalata chonena zomwe lanyamula. Kompyuta yotulutsa magiya, ya kunyumba yosungira katundu, imatenga zonse pa kompyuta yaikulu ya muofesi, ndiye pankafunika munthu wogona maso kuyang'anira netiweki. Munthuyo anali Quintino. Mlonda wa pamalopo anali a Estêvão, bambo ake a Tiwonge. Zaka zinayi ali pamudzi pawo, Quintino anali asanawayang'anepo m'maso. Ankawalonjera atanjuta, maso ali pa nsapato zawo, moti nsapatozo ankazidziwa bwino kuposa nkhope.

Vuto linayamba m'mwezi wa Juni. Masana netiweki inkayenda bwinobwino. Ikangokwana sikisi madzulo, giya imodzi inkatenga mphindi makumi awiri kuti ituluke, madalaivala n'kumangoliza mahutala panja ngati pali ukwati. Ndiyeno cha m'ma leveni usiku, popanda woigwira, inkachira yokha.

Dona Cláudia, mkulu wa koperativayo, anali ndi yankho lawo kale.

"Senhor Quintino, inu mumaonera mpira usiku. Redi yonse, netiweki yathuyi, mumaimwa ndinu."

"Shefu, ine mpira sindiukonda n'komwe."

"Ndiye mumaonera china choipa kuposa mpira. Mvetserani: sexta-feira, Lachisanu lino m'mawa, ndikufuna relatório, lipoti, pa tebulo panga, yonena chavuta n'chiyani ndipo wachititsa ndani. Apo ayi, ndiitanitsa tekiniko wa ku Tete, inu mukalime."

Mawu akuti mukalime aja anamuzizira mpaka m'mafupa. Apongozi anali ndi munda waukulu, ndiponso makasu osagwira ntchito analipo atatu.

Anayamba ndi zimene aliyense amayamba nazo: anaimbira foni a kampani ya intaneti n'kuwakalipira. Iwo anamuuza kuti ayeze liwiro ali muofesi. Anayeza, lili bwinobwino, napepesa ndi mawu aang'ono. Anafufuza mavairasi, osapeza. Anasintha pasiwedi ya wayifayi, madalaivala n'kumuda kwa sabata yathunthu, vuto lili pompo. Kenako anachita ping, kutanthauza kugogoda pa kompyuta ina kuti uone ngati iyankha. Makompyuta a muofesi ankayankha onse. Ya kunyumba ya katundu inkayankha katatu, kachinayi zii.

Apa mtima unakhalako m'malo, poti wakuba anali atadziwika mbali yomwe amakhala. Analowa mu suwichi, kabokosi komwe zingwe zonse zimakumana, nayang'ana khomo la chingwe chopita kunyumba ya katundu. Kanyali kake kankayaka ngati kosalakwa, koma nambala ya mauthenga ofika ataonongeka inkakwera iye akuona. Uthenga ukaonongeka panjira, kompyuta imatumizanso, n'kutumizanso, ndiye kuchedwa kuja. Chingwe, basi! Lachitatu anabwera masana, tulo tili m'maso, nachiyeza ndi tesita. Tinyali tonse tisanu ndi titatu, kamodzi pa kawaya kalikonse ka m'kati mwa chingwe, tinayaka motsatana bwino. Quintino anakhala pansi n'kuyamba kuganizira za ufiti, iye munthu wa sukulu.

Chomutonthoza chinali chimodzi. Usiku uliwonse cha m'ma leveni a Estêvão ankabwera ndi dengu la chakudya chimene Tiwonge ankawaphikira onse awiri: marimita awiri, kapena kuti mabakuli ovindikira, botolo la tiyi, nthawi zina chinangwa chapamwamba. Ankasiya marimita a mkamwini pakhomo n'kukhosomola, iwo n'kukadyera kwawo. Quintino ankati akamadya, netiweki n'kuchira, ndipo iye ankangoti mwina munthu ukakhuta zinthu zimaoneka bwino.

Lachinayi usiku, tsiku lomaliza, nzeru inabwera mochedwa monga mwa chizolowezi chake: wodwala usiku umamuyeza usiku. Nthawi ya eyiti anapempha kalaliki wa magiya kuti apume pang'ono, nazula chingwe mbali zonse, naika tesita. Kanyali koyamba, kachiwiri, bwinobwino. Kachitatu kankangophethira, kuyaka, kuzima, kuyaka. Anabwezeretsa chingwe kuti ntchito izikwawa, natenga makwerero ndi tochi, nalowa m'siling'i.

M'mwambamo munali fumbi la zaka khumi ndi manyi a mileme. Anakwawa pa mitanda, akudziwa kuti akaponda pambali atulukira pamutu pa munthu. Chingwe cha buluu chinkayenda mwaulesi pamwamba pa siling'i, chosamangirira paliponse. Atadutsa ofesi ya Dona Cláudia, chinayamba kukungika. Patsogolo pang'ono anapeza chimene ankafuna: mmisiri wakale chingwe chitamuperewera, analumikiza ziwiri ndi kacholumikizira kapulasitiki, nakulunga tepi. Kacholumikizirako kanali katakodwa pa mtanda, pulagi imodzi itapendekeka, kadzino kake koigwira katathyoka. Kuchokera apo chingwe chinkatsikira pa bowo pomwe bolodi la siling'i linachoka, chili gwa ngati chagwira nsomba.

Anasuzumira pabowopo. Pachingwe panali ngowe yawaya. Pangowe panali dengu. Padengu panali nsalu yamaluwa achikasu imene iye mwini anagulira Tiwonge pamsika wa Furancungo. Pansi pa dengu, m'kachipinda kosungira matsache, a Estêvão anali pampando, chipewa kumaso, mkonono uli pakati.

Zonse zinamveka nthawi imodzi, ndipo Quintino anafuna kulira. Madala ankafika sikisi, n'kupachika dengu kuopa makoswe ndi nyerere. Kulemera kwake kunkakoka pulagi, kawaya kachitatu n'kumangokhudza mwa apo ndi apo. Leveni ikakwana ankatsitsa dengu, pulagi n'kubwerera m'malo. Masiku a chinangwa ndiwo ankavuta kwambiri. Kwa milungu itatu iye ankasakasaka mdani, chonsecho theka la mdaniyo ankalidya yekha ndi supuni.

Tsono auze bwanji apongozi? Mkamwini sauza apongozi kuti mwalakwa. Sawapezanso akugona pa ntchito, ndipo koposa zonse sakhala pamwamba pa mutu wawo. Anayesa mwaulemu.

"Odi," ananong'oneza kuchokera kudenga.

"Lowani," anayankha a Estêvão ali m'tulo, mkonono n'kupitirira.

Analephera kulowa. Anakhala pamtandapo maola awiri ndi theka, miyendo itachita dzanzi, mahutala akulira panja, mpaka madala anadzuka okha, natsitsa dengu, napita kukakhosomola pakhomo la ofesi yopanda munthu.

Magalimoto atachoka, a Estêvão n'kupita kukazungulira mpanda, Quintino anakoka chingwe chatsopano chathunthu, chopanda mfundo, nachimangirira m'mwamba pa mitanda pomwe ngowe singafike. Anapana mapulagi, nayeza: tinyali tonse mbee. Ping inayankha ulendo uliwonse, nambala ya zoonongeka inaima. Chingwe chakale anachikulunga n'kuchibisa m'chikwama. Mu relatório analemba kuti chingwe chinali ndi mfundo yofooka, ndipo chinkakokedwa ndi katundu wosadziwika.

M'mawa Dona Cláudia anawerenga, nakweza maso.

"Katundu wosadziwika? Ali ndi miyendo? Amabwera dezoito horas, sikisi madzulo, n'kumapita yekha? Ndinati mulembe dzina."

Quintino asanapeze bodza labwino, pakhomo panamveka kukhosomola. A Estêvão analowa chipewa chili m'manja, nkhope ya ntchito.

"Com licença, shefu. Ndabwera kudzanena za kuba. Usiku uno wina waba chingwe cha koperativa, cha buluu, cholimba bwino. Ine ndimachidziwa, ndimapachikapo kamba wanga chiyambire Junho, makoswe atandidyera nyemba. Leveni chinalipo. M'mawa uno ndati ndipachikepo jekete, palibe. Wakubayo analowera kudenga."

Dona Cláudia anayang'ana mlonda, nayang'ana tekiniko, nayang'ananso pepala lija.

"Dengu ndi langa, shefu," anatero Quintino mofulumira, maso ali pansi. "Limachokera kunyumba kwanga. Ndine ndinawauza bambo kuti azipachika pamenepo. Lembani dzina langa."

Anadziwa kuti wadzigulira khasu. A Estêvão anatenga kanthawi kuti amvetse kuti chingwe chawo cha kamba ndicho chinkaimitsa magalimoto. Atamvetsa, anakwiya.

"Bodza limenelo! Mwana uyu andiuze ine popachika dengu? Zaka zinayi sanandiuzepo ngakhale kuti kunja kukugwa mvula. Ndapachika ndekha, ndi nzeru zanga. Chotsani ine."

"Ayi shefu, ndine."

"Iwe khala chete, akulu akulankhula!"

"Pepani bambo. Koma ndine."

Dona Cláudia anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka. Kenako anaseka mpaka misozi, nati chikhalire sanaonepo anthu awiri akulimbirana kuchotsedwa ntchito. Anatenga bolopeni, nafufuta mawu akuti wosadziwika, nalemba kuti chinangwa ndi nyemba. Analamula kuti m'kachipindamo mukhomedwe msomali waukulu, ndipo Quintino akaone zingwe zina zonse za m'mwambamo sabata isanathe.

Pobwerera kumudzi a Estêvão anali patsogolo akukankha njinga, Quintino kumbuyo monga mwa masiku onse. Atafika pamlatho madala anaima.

"Ndiye kuti wakuba uja unali iwe. Unandiona ndili pampando paja?"

"Ndinaona chipewa chokha, bambo."

"Unakhalamo nthawi yaitali bwanji m'mwambamo?"

"Maola awiri ndi theka."

A Estêvão anapukusa mutu, nayang'ana mkamwini wawo kuyambira kumapazi mpaka kutsitsi, komwe kunali kudakali ndi ulusi wa akangaude. Anatambasula dzanja n'kuuchotsa okha.

"Tsiku lina ukadzandipeza ndikulakwitsa, uzidzangondidzutsa, mwana wanga. Kwera, ndikupalase."

Quintino anakweza maso, naona kuti apongozi ake ali ndi kachipsera pamwamba pa diso lamanzere, ndiponso kuti akumwetulira. Anakwera pakaliyala.