Mwana wa ng'ombe amene ndinaphera bambo

Bambo atadwala kwathu ku Chapananga, mano anali atatha m'kamwa, koma ankapemphabe nyama. Achimwene anapha nkhosa yamphongo yokalamba. Fungo lake linali lamphamvu, mafuta ake ankaundana m'kamwa akangozizira, ndipo bambo anasanza. Ine ndinagula nyama ya ng'ombe kumsika, koma ndinaiphika mothamanga. Inali ya ng'ombe yokoka ngolo, yofiira kwambiri, mitsempha yokhayokha. Bambo anaimung'unya n'kuilavula.

Ndinapsa mtima. Ndinalowa m'khola n'kupha mwana wa ng'ombe woyamwa, chinthu chimene kwathu munthu sachita. Nyama yake inali yotuwa, yofewa, ndipo sinachedwe kupsa. Bambo anameza nthuli ziwiri, kenako anakankha mbale.

“Mwanawe, iyi ndi nyama kapena madzi?” anandifunsa. “Kukoma kumabwera ndi zaka. Ya ng'ombe yokalamba ija ukanaisiya pamoto tsiku lonse, mitsempha ikanasungunuka, ine n'kumwa msuzi. Wapha ng'ombe ya mawa chifukwa chosowa kudikira.”

Make wa kamwana ka ng'ombe kaja analira m'khola mpaka mawu kusasa.

Bambo anamwalira mapira asanache. Pamaliro tinapha ng'ombe yathu yokalamba, ndipo amayi a m'mudzi anaiwiritsa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Nyama inkayoyoka yokha pafupa, msuzi uli bii, wonata m'milomo. Nkhalamba zopanda mano zinadya mpaka kunyambita zala. Aliyense anamwa msuzi umene bambo ankaufuna, kupatula bambowo.