Majekete Otsala a Bambo Womwewo

Mumsika monse ankawatchula kuti a Womwewo, chifukwa ukawapempha kuti atsitseko mtengo, yankho linali limodzi basi: "Mtengo ndi womwewo." Anayamba ndi masokosi oyala pa chiguduli ali mnyamata, kenaka benchi, kenaka kashopu ka zovala m'kanjira kopanikiza kamene anthu awiri onenepa sangapatukirane. Kashopuko kanali kotalika ngati bedi ndi theka. Akakhala pakauntala, dzanja lina limafika kushelefu yakumanja, lina yakumanzere, osadzuka. Ankanyadira kuti chiyambire sanagulitsepo kanthu pansi pa mtengo wa oda, ndipo ankanena zimenezi ngati mmene ena amanenera kuti sanalawepo mowa.

Chaka chinacho kunazizira mpaka agalu kuiwala kuuwa, ndipo majekete anatha anthu akuwafunabe. Ndiye chaka chotsatira a Womwewo anaoda kuwirikiza kawiri. Chisanu nacho chinangosuzumira pakhomo, n'kubwerera. Majekete anadzaza mashelefu onse, ena anapachikidwa kudenga, moti polowa mumaweramira manja a nsalu okugundani kumaso.

Vuto silinali majekete okha ayi. Sukulu zinali pafupi kutsegulidwa, ndipo nsapato ndi zikwama za ana ndizo zinkadyetsa banja lawo miyezi yambiri. Koma ndalama zokaodera nsapatozo zinali zitapachikika kudengako, zili ndi mazipi. Malo oika makatoni a nsapato nawo panalibe.

Akazi awo, amene ankasoka pamakina kunyumba, anabwera tsiku lina ndi chakudya chamasana, nayang'ana kudenga.

"Bambo a ana, m'mawa kukadazizirako. Dulani mtengo wa majeketewa kamodzi, kwambiri, anthu akadali ndi chifukwa chogulira. Chotsani gawo limodzi mwa magawo atatu."

"Mayi, mukudziwa kuti pamenepo ndafika pa oda penipeni? Ndiye ndikhala ndagwirira ndani ntchito? Mwini holoselo?"

"Ndalama ya oda inapita kale. Siibwera chifukwa choti mwakwiya."

"Ndisunga mpaka chaka chamawa."

"Kuti? Pansi pa bedi pali kale makina anga akale. Muno denga limadontha. Nanga chaka chamawa achinyamata adzafunabe a kolala yotereyi?"

A Womwewo anapitiriza kudya. Mumtima ankadziwa kuti mayiwo sakunama, koma gawo limodzi mwa magawo atatu linkawamveka ngati kudula chala. Ndiye anasankha kudula chikhadabo. Anatenga katoni yolembapo mtengo imene inkapachikidwa pakhomo, nakhwatcha mtengo wakale, n'kulemba pansi pake wotsikako pang'ono, pang'ono penipeni, koti munthu angagulire botolo la zoziziritsa kukhosi. Katoni yatsopano sanafune kuononga. Chiyambire cha masokosi, katoni imodzi imagwira ntchito mpaka itang'ambika.

Sabata imeneyo anagulitsa awiri. Sabata yotsatira anakhwatchanso, n'kulemba wina pansi. Kenaka winanso. Katoniyo inayamba kuoneka ngati makwerero otsikira m'chitsime, ndipo msika wonse unaphunzira kuwerenga.

Woyamba kuphunzira anali wometa tsitsi wa moyang'anana nawo, mnyamata wa pakamwa posatseka. M'mawa uliwonse ankabwera kudzavala jekete lakuda lija, n'kudziyang'ana pagalasi, n'kulivula.

"Achimwene, langa mukundisungira bwino?"

"Gulatu lero. Mawa ulipeza lapita."

"Lipita kuti, madala? Lilibe miyendo. Ine ndikudikira mzere wachisanu. Mukafika pansi pa katoni mundiitane, ndibweretsa ina yoti mumatirire."

Sanali yekha. Amayi ankaima, n'kuwerenga mizere yokhwatchayo kuyambira pamwamba, n'kunena kuti, "Tidzabwera Loweruka." Ngakhale amene akanagula pa mtengo woyamba uja anayamba kuona kuti kugula lero n'kupusa. A Womwewo anatsitsa kanayi, n'kufika pomwe akazi awo ananena paja, koma pofika pamenepo dzuwa linali litayamba kuotcha malata kuyambira m'mawa. Mtengo umene ukanatulutsa majekete mwezi wapitawo tsopano sunkatembenuza munthu khosi.

Masana m'kashopumo munkatentha ngati mu uvuni. Majekete ankatseka kazenera, mpweya osalowa, fungo la nsalu zatsopano litasanduka fungo la katundu wogona. Amene anali pafupi ndi khomo anayamba kusuluka phewa limodzi. A Womwewo ankakhala pakati pawo, thukuta lili chuchuchu, akuwerenga mumtima njira zotulukira: kusunga, palibe posunga, kubweza kuholoselo, salandira, kutsitsanso pang'ono, anthu adikiranso. Yotsala inali imodzi, imene ankaizungulira ngati munthu wozungulira nyumba ya apongozi.

Amayi ogulitsa ziwiya pafupi nawo, amene chaka chilichonse ankachita nawo hayala galimoto imodzi yokaoda katundu, anasuzumira.

"Alamu, galimoto ndi Lolemba. Tikuwerengereni?"

"Ndiwerengereni."

"Ndi majekete kapena ndi ndalama? Poti kuholoselo salandira zovala."

Madzulo ake akazi awo sananene kuti ndinakuuzani. Anangofunsa kuti, "Nsapato peya imodzi imakupatsani phindu lotani, ndipo zimatha kangati sukulu zikamatsegulidwa?"

"Ndimaoda kawiri. Nthawi zina katatu."

"Ndiye ndalama imene mukuilondera kudengako, ikanakhala m'nsapato bwenzi itazungulira katatu. Mukuopa kuluza pa jekete, koma mukuluza kale pa nsapato. Kungoti kuluza kumeneko sikuoneka pa katoni."

"Ndiye ndidule mpaka pati?"

"Theka la mtengo woyamba. Ndipo munene kuti ndi masiku awiri okha, Lolemba mukuwachotsa. Anthu asiye kudikira."

"Theka! Pansi pa oda!"

"Mwezi watha linali gawo limodzi mwa atatu. Mwezi wamawa mudzawapereka kwa alonda ulele."

Lachisanu m'mawa a Womwewo anang'amba katoni ija, nalemba yatsopano yokhala ndi mtengo umodzi wokha. Anaipachika pakhomo. Anthu anabweradi, poti theka ndi theka, ngakhale kukutentha. Wometa uja anatenga lakuda lake, akupukuta thukuta.

"Madala, pepani. Maliro a mtengo wanu uja ali kuti tidzakhuze?"

"Tenga chenji uzipita, iwe."

Koma ogula pa seli amasankha ngati ogula ena onse. Masaizi apakati anatha tsiku loyamba. Tsiku lachiwiri anthu ankangotembenuza otsalawo: akuluakulu oti mulowe anthu awiri, ang'onoang'ono, ndi osuluka phewa aja. Amenewo ngakhale pa theka sanasunthe, ndipo anadzazabe shelefu yonse yakumanzere.

Ndalama zimene zinapezeka sizinakwane zonse ziwiri, nsapato ndi zikwama. Nsapato zimafuna masaizi onse. Kuoda ochepa n'kuyambanso nkhani ya majekete. Ndiye Lolemba a Womwewo anabwerako ndi zikwama zokhazokha.

Sukulu zitatsala pang'ono kutsegulidwa, kanjira kaja kanadzaza makolo okoka ana. Mayi wina amene ankagula kwa iwo chaka chilichonse anaima pakhomo ndi kamtsikana kake.

"Bambo, nsapato zakuda, saizi ya uyu."

"Chaka chino ndilibe, mayi. Zikwama zilipo, zolimba."

"Chikwama ali nacho cha mkulu wake."

A Womwewo anawalozera shopu yachitatu kuchokera pawo. Kumeneko kunali kodzaza moti wogulitsayo ankaperekera nsapato panja. Posakhalitsa mayi uja anabwerera, nsapato ziwiri zili m'manja.

"Pepanitu bambo, uko kulibe pokhala. Tibwerekeko mpando mwana ayesere."

A Womwewo anadzuka, natulutsa mpando wawo, naupukuta ndi dzanja. Kamtsikanako kanakhala, ndipo iwo, poti zala zinazolowera, anagwada n'kudina kutsogolo kwa nsapatoyo ndi chala chachikulu.

"Yamuthina iyi, mayi. Kasintheni, mutenge yotsatira."