Mapepala Asanu ndi Awiri Opanda Karimbo

Atsibweni anga, a Policarpo, adaphunzitsa pa mishoni ya kwathu zaka khumi ndi zinayi. Adabadwira cha ku Domwe. Bambo awo adapita ku Halale kukafuna ntchito osabwerako, choncho adakulira m'manja mwa apadiri, akusenza madzi m'mawa, masana n'kumaphunzira. Adali munthu wamfupi, wa jekete limodzi lotuwa ndi choko. Pensulo ankaidula patatu kuti ikwanire ana atatu. Sindidawamvepo akunama, ngakhale bodza laling'ono lija timanena tonse pamsika.

Ine ndimayenda ndi njinga pakati pa Domwe ndi Vila Coutinho, kugulitsa mchere, sopo, singano ndi makope. Nkhaniyi mbali ina ndidaiona ndi maso, mbali ina adandiuza okha.

M'chaka cha 1953 anyamata makumi awiri ndi anayi adalemba mayeso a pamishoni osankhira opita ku sukulu ya uphunzitsi. Kuti apite, mnyamata ankayenera kupeza mavalori, ndiwo malikisi, khumi mwa makumi awiri pa phunziro lililonse. Wolephera, ngati adali wamkulu kale, ankabwerera kumudzi, dzina lake n'kulowa m'buku la msonkho, ndipo asipayi, apolisi a boma, akabwera kudzatenga anthu a chibalo sipankakhala womulankhulira.

Pa Historiya padali mafunso asanu, lililonse mavalori anayi: mafumu a ku Portugal, nkhondo zawo, zombo zopita ku Indiya. Mayankho ankalembedwa pa pepala lopinda pakati lokhala ndi karimbo, chidindo cha mishoni. Koma galimoto yobweretsa mapepala kuchokera ku Tete idafera panjira, ndipo aliyense adalandira limodzi lokha. Anyamata asanu ndi awiri lidawathera asadamalize funso lachinayi. Woyamba kukweza dzanja adali Patrisio, wa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, wa manja a khasu, yemwe zilembo zake zidali zazikulu ngati nyemba. Atsibweni, amene ankayang'anira mayesowo, adasolola kope latsopano lomwe ndidawapatsa ine, nathothola mapepala asanu ndi awiri, nagawa.

Mayina adali opindidwa pangodya n'kumatidwa, pamwamba nambala yokha. Oyamba kuchonga adali atsibweni. Manota, mavalori amene mwana wapeza, sankalemba pa pepala lake koma pa ndandanda yawoyawo, kuti wochonga wachiwiri asatengere. Kenako mtolo udapita ku ofesi, ndipo kuchokera kumeneko udapita kwa Dona Natália, mphunzitsi wachizungu wa ku Vila.

Lachitatu masana atsibweni adandipeza pansi pa mkungudza ndikumanga katundu panjinga. Adali ndi ndandanda ziwiri, yawo ndi ya Dona.

"Iwe wa masamu, taona izi. A Padiri, mkulu wa mishoni, akuti ndine wa mtima wa phala. Mawa ndikalongosole."

Ndidaziyala pa bokosi la sopo. Pa ana khumi ndi asanu ndi awiri, iwo ndi Dona sadasiyane kupitirira valori imodzi. Pa asanu ndi awiri otsalawo mpamene padali phompho, atsibweni pamwamba, Dona pansi: 16 ndi 9, 15 ndi 9, 14 ndi 8, 13 ndi 7, 12 ndi 6, 12 ndi 6, 11 ndi 6.

"Atsibweni, mukadakhala a mtima wa phala bwenzi mukusiyana ndi Dona paliponse. Apa pali china."

"Chilipo. Ndachokera kwa Irima Carolina."

Irima Carolina ndi sisitere amene ankasunga ofesi komanso kugawa mankhwala. Pomanga mtolo adaona mapepala opanda karimbo, nayesa ndi oyeserera, nawachotsa monga mwa lamulo. Pofika Lachitatu adali atawadula tizidutswa tokulungira kwinini. Atsibweni adandionetsa kamodzi. Padali zilembo za Patrisio, mawu atatu ndi theka.

"Nanga a Padiri akufuna kutani?" ndidafunsa.

"Mediya. Kuphatikiza manota awiri n'kugawa pakati. Ndandanda ikunyamuka Lachisanu, alibe nthawi yotsegula mtolo."

Ndidawerengera msangamsanga. Khumi ndi awiri ndi theka, khumi ndi awiri, khumi ndi imodzi, khumi. Anayi adutsa. Enawo 9, 9, ndi 8 ndi theka. Atatu agwa, mmodzi mwa iwo Patrisio.

"Ndiye khalani chete," ndidatero. "Avomereni kuti ndinu ofewa. Akukalipirani, zitha. Anayi apita."

"Nanga atatuwo? Adakhoza. Ndidawerenga ndi maso angawa."

"Mukatchula za kope lija, a Padiri akati silinali pepala la mayeso, mutsala ndi manota a Dona okha. Onani: palibe wofika khumi. Anayi ali m'manja, atsibweni."

"Ukuyankhula ngati ukugulitsa mazira, mphwanga. Anayi abwino, atatu osweka, basi tiyeni."

"Mazira ndimawadziwa. A Padiri ndi amene sindiwadziwa."

Atsibweni adaseka pang'ono, napinda ndandanda zija. "A Padiri adandilera okha. Ndikawauza zoona alola anyamatawo alembenso mafunso awiriwo. Ndi ola limodzi lokha."

Lachinayi m'mawa adakhala atatu m'chipinda cha a Padiri: atsibweni, Dona Natália, ndi a Padiri eni ake, amene adali mkulu wa mayeso. A Padiri adali atalemba kale mediya pa ana khumi, kuphatikizapo anayi odutsa aja.

"Policarpo, mwana wanga, wachita manyazi okwanira. Tigawa pakati, chaka chamawa udzaumitse dzanja."

"Senyor Padiri, ndikupempha titsegule mapepala asanu ndi awiriwa, tiyende funso ndi funso. Mediya ndi ya anthu awiri amene awerenga chinthu chimodzi."

Dona Natália adavomereza. Adati kusiyana kopitirira mavalori atatu sikugawidwa pakati usadadziwe gwero lake, ndipo iyenso zidamusowetsa mtendere. Adatsegula pepala loyamba. Funso loyamba: onse awiri adapereka mavalori atatu. Lachiwiri: chimodzimodzi. Lachitatu: atsibweni atatu, Dona awiri. Lachinayi: iwo atatu, Dona imodzi, poti yankho lidathera pakati pa chiganizo. Lachisanu: iwo anayi, Dona palibe.

"Anayi pa chiyani?" adafunsa Dona. "Apa palibe cholembedwa. Ine ndinkayesa nthawi idawathera."

Atsibweni adaika kachidutswa ka kwinini patebulo nalongosola zonse, kuyambira galimoto ya ku Tete.

Akuti a Padiri adayamba apukuta magalasi.

"Udawapatsa pepala la m'thumba mwako."

"Inde, Senyor Padiri."

"Lopanda karimbo. Ndipo amene adawerenga ndiwe wekha, mphunzitsi wawo, wodziwa zilembo za aliyense."

"Ndi zoona."

"Ine ndikukukhulupirira. Koma ndandanda iyi ndisainira ine, ndipo woyendera masukulu akadzafunsa ndidzamuonetsa chiyani? Mankhwala a malungo?"

Dona Natália adayesa. Adati anyamatawo alembenso mafunso awiriwo masana omwewo. A Padiri adati mafunso akudziwika tsopano mpaka kwa ophika. Dona adati apange ena. A Padiri adati pamenepo ndiye kuti asanu ndi awiri alemba mayeso ena osiyana ndi anzawo. Dona adati awerengere mafunso atatu okhawo n'kukweza molingana. A Padiri adatulutsa pepala la mnyamata wina amene adapanikiza mayankho onse asanu pa pepala limodzi, tizilembo mpaka m'mphepete, napeza 9.

"Uyu adamvera lamulo ndipo wagwa. Ndimuuza chiyani? Akadapatsidwa pepala lina mwina akadakhoza."

A Padiri adatenga mapepala asanu ndi awiri aja nawachonga okha ngati wachitatu, poona zokhazo zomwe zidali pansi pa karimbo. Pena adaonjezera theka, pena ayi. Wapamwamba adakhala pa 9. Kenako adafufuta mediya zinayi zimene zikadadutsa.

"Senyor Padiri, bwezerani mediya. Cholakwa ndi changa, chotsani ine."

"Mediya ndikadalemba ndisakudziwa. Tsopano ndikudziwa, Policarpo. Wandiuza wekha."

Ndandanda idapachikidwa pakhomo la tchalitchi Lamulungu. Nkhani idali itafika kale m'midzi. Mayi Lucinda, amake a mnyamata wa 16 uja, adawadikira atsibweni pa masitepe anthu onse akutuluka.

"Aprofesori, akuti mwana wanga adali atadutsa kale, inu n'kutsegula pakamwa. Zoona?"

"Zoona, mayi."

"Choonadi chanucho mudyere limodzi ndi akazi anu." Adalavula pambali napita.

A Padiri sadawachotse ntchito. Adawatumiza ku kasukulu ka udzu kumalire, kophunzitsa katekisimu ndi a, e, i, kumene kulibe mayeso. Mwa asanu ndi awiri aja, awiri adali aang'ono, adalembanso chaka chotsatira ndipo mmodzi adadutsa. Mwana wa mayi Lucinda adathawira ku Dedza, ali m'munda wa fodya. Wina amalima mbatata kwawo. Atatu adatengedwa ndi asipayi mvula isadagwe kupita ku minda ya nzimbe kumunsi kwa Zambezi. Patrisio adali pakati pawo. Ndidakumana nawo panjira ya ku Vila, ali pa mzere. Patrisio adandipatsa moni, ine n'kulephera kutsika panjinga.

Kuyambira pamenepo, ndikamapita ku Vila ndimagula mapepala ochuluka n'kukasiya ku ofesi ya Irima Carolina mwezi wa mayeso usadafike, ndipo ndimaima pomwepo mpaka awadinde onse. Chaka chatha mwana aliyense adalandira atatu. Bizinesi ikakula ndikufuna kudzatsegula sitolo pa Vila, ndipo pepala silidzasowanso kuno.

Atsibweni ndimawayendera kawiri pamwezi. Akalamba msanga. Tsiku lina ndidawafunsa ngati akadachitanso chimodzimodzi.

"Masamu ako adali olondola," adatero. "Zina usandifunse."

Mwezi wathawu adanditulutsira kalata m'jekete lija. Idachokera kwa Patrisio, yoyamba m'zaka ziwiri. Miyezi yake ya chibalo idatha kalekale, koma adalembetsanso yekha, akuti kumudzi abwererako kudzatani. Akuti miyendo imatupa ndipo anzake amamulembetsa makalata. Za mayeso sadatchulepo.

Pepalalo lidali lalikulu, koma mawu onse adapanikizana pamwamba, tizilembo ting'onoting'ono ngati nyerere. Theka lonse lapansi lidali loyera. Atsibweni adalisisita ndi chala kangapo, nalipinda, nalibweza m'thumba.