Chisipanishi cha m'sitolo ya mankhwala a ziweto

Chaka chimene ndinasiya ntchito ya nyuzipepala n'kubwerera kwathu ku Katete, mwana wa mlongo wanga anamva za mwayi wokaphunzira udokotala ku Cuba. Masamu ndi sayansi anali atakhoza bwino. Chimene chinatsala n'chakuti a ku Lusaka ankafuna kalata ya munthu wodziwa Chisipanishi yotsimikiza kuti mtsikanayo angathe kuyankha mafunso a pakamwa. Popanda kalatayo akanadikira chaka china, ali pakhomo ku Mkaika. Ine ndine malume wake, choncho nkhaniyo inagwera pa ine.

M'boma lonse ndinapezamo munthu mmodzi yekha wodziwa Chisipanishi. Anali mkulu wina amene anaphunzira za ziweto ku Cuba ali mnyamata, ndipo tsopano ankagulitsa mankhwala a nkhupakupa kufupi ndi msika. Aliyense ankangoti a Dokotala. Anavomera kumuphunzitsa m'sitolo momwemo, masana, pakati pa ogula. Ine ndinkakhala pa thumba la chakudya cha nkhuku ndi kabuku kanga, poti dzanja lozolowera kulemba silimva kuti ntchito inatha.

Miyezi yoyamba inayenda bwino. Kenaka tinafika pa chimene a Dokotala ankachitcha subjuntivo.

"Musachite mantha, nafenso tili nacho," anatero. "Ukamuona munthu umati akupita. Ukamafuna umati ndikufuna apite. Kwa Asipanishi n'chimodzimodzi. Zimene ukudziwa, indicativo. Zimene ukufuna, ukukayika, kapena ukuti n'zofunika, subjuntivo."

Analemba pa katoni. Sé que come, ndikudziwa kuti imadya. Quiero que coma, ndikufuna idye. Es necesario que coma, n'kofunika kuti idye. Dudo que coma, ndikukayika ngati imadya. Mawu amene amathera ndi e amatembenukira ku a, ndipo othera ndi a amapita ku e: habla amakhala hable. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti creo que come, ndikuganiza kuti imadya, imatenga indicativo, koma ukangoika no patsogolo imakhala no creo que coma.

Pa za mumtima mpamene ndinakangana nawo. Anati ukakondwa kuti munthu ali pano umati me alegro de que estés aquí, osati estás.

"Koma munthuyo alipodi," ndinatero. "Ndikumuona ndi maso. Chokayikitsa n'chiyani?"

"Palibe chokayikitsa. Kungoti simukumuuza kuti alipo, akudziwa kale. Mukumuuza za mtima wanu. Inu a nyuzipepala mtima munausiya ku Lusaka?"

A Haji, mwini golosale yoyandikana, amene ankakonda kudzaima pakhomo akachokera ku mzikiti ku swala ya masana, anaseka mpaka kugwira chitseko.

Mtsikanayo subjuntivo anaigwira msanga, mwina kuposa mmene zinafunikira. Analeredwa ndi mlongo wanga, mayi wa mpingo wa Reformed amene amakhulupirira kuti mwana sayankha mkulu molunjika. Kunyumba ukamufunsa ngati mvula yagwa, iye atanyowa thupi lonse, amati kaya, mwina. Tsopano anapeza chilankhulo chokhala ndi njira yakeyake yokayikira, ndipo anakhazikika mmenemo ngati kwawo.

A Dokotala anazindikira tsiku lina mlimi wa ku Sinda atamangirira mbuzi pakhonde. Analoza mbuziyo n'kunena m'Chisipanishi kuti iyi ndi ng'ombe. Mtsikanayo anayang'ana mbuzi, anayang'ana pansi, n'kuyankha mwaulemu: "Es posible que sea una vaca." N'zotheka kuti ndi ng'ombe.

Chiganizocho chinalibe cholakwa chilichonse. Es posible que imafunadi sea, osati es. A Dokotala anagwira m'mutu.

"Iwe, ili ndi ndevu!"

"Ndaziona."

"Nanga bwanji sukunena kuti sé que es una cabra, ndikudziwa kuti ndi mbuzi?"

"Mwanena ndinu kuti ndi ng'ombe."

"Ndikanena kuti wodwala wachira pomwe akufa, udzatinso es posible?"

Mlimi uja anafunsa ngati mbuzi yake ili ndi vuto. A Haji anamuuza kuti ayi, yangokwezedwa pa udindo.

Kuyambira pamenepo a Dokotala anakana kulemba kalata. Anati sangatumize kunja munthu wosatha kunena chimene akuchiona. Ndinayesa kuwanyengerera monga malume, koma sizinathandize. Ndinayesanso kumuuza mwanayo kuti azitsutsa akulu pakafunika, iye anati chabwino amalume, mwanena zoona. Ndinaona kuti nanenso ndagonja.

Mapepala ankayenera kukafika ku Lusaka Lachisanu. Lachitatu a Dokotala anakonza mayeso omaliza. Anaika mipando itatu kuseri kwa tebulo, ine ndi a Haji tikhale ngati oyesa anzawo, ngakhale a Haji Chisipanishi chawo chinali gracias yekha. A Haji anavala magalasi n'kukwinya nkhope monga anauzidwira. Mtsikanayo anayankha mafunso onse, koma yankho lililonse linkayamba ndi es posible que kapena dudo que. Atafunsidwa ngati akufunadi udokotala, anati n'zotheka kuti akuufuna.

A Dokotala anatseka buku. Anaimirira, n'kupereka chigamulo m'Chisipanishi kuti chimveke kulemera: "Es necesario que estudias un año más." N'kofunika kuti uphunzire chaka china.

Ine ndinamva chisoni chokha. Koma mtsikanayo nkhope inasintha, ngati munthu amene waluma kamwala mu mpunga. Anatsika pa mpando, anagwada, anaomba m'manja kawiri mofatsa.

"Creo que usted se equivoca," anatero. Ndikuganiza kuti mwalakwitsa. Inali indicativo yoyera. "Mukati es necesario que, pamabwera subjuntivo. Si estudias. Ndi estudies."

"Ndanena estudies."

"No es verdad. Sé que usted dijo estudias." Si zoona. Ndikudziwa kuti mwati estudias.

A Dokotala anatembenukira kwa ine. Ndinatsegula kabuku kanga. Ndinali nditalemba mmene ndinamvera, ndi a. Anatembenukira kwa a Haji.

"Ine sindikudziwa chimene mwalakwa," anatero a Haji, "koma mwalakwa. Mwana uyu sanagwadirepo munthu kuti amutsutse."

A Dokotala pambuyo pake ankauza anthu kuti unali msampha umene anautchera dala. Ine ndingonena zimene ndinaona. Anavula magalasi, anawapukuta, anatsegula buku lawo lakale lija, n'kuyang'ana tsamba limodzi nthawi yaitali, milomo ikuyenda. Munthu wina amene anabwera kudzagula mankhwala a njoka za m'mimba za nkhumba anaima mpaka kutopa, n'kupita.

Kenaka anang'amba pepala loyera, n'kuyamba kulemba kalata. Atafika pakati anaima, cholembera chili m'mwamba. Anakankhira pepalalo kwa mtsikanayo, amene anali chigwadirebe.

"Dzuka iwe. Taona apa ndalemba espero que, ndikuyembekeza kuti akulandire. Pabwere chiyani, aceptan kapena acepten?"

"Acepten."

"Ndimadziwa," anatero, n'kupitiriza kulemba.

Lachinayi m'mawa ndinamukweza minibasi ya ku Lusaka, kalata ili m'chikwama cha pulasitiki. Patapita masabata atatu analandira foni kuti wakhoza mayeso a pakamwa. Mlongo wanga anavina pabwalo, kenaka anandikokera pambali n'kundifunsa kuti ndamuchita chiyani mwana wake, poti dzulo lake anamuuza m'maso muli gwa kuti ndiwo zachepa mchere.