Yankho la achimwene linali pa chithunzi

Ndinabwerera ku masamu ndili ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi, ndili kale ndi ana awiri. Ndinkalongedza makatoni m'nyumba ina yosungiramo katundu ku Heavy Industrial Area, ndipo ndinatopa kuona atsikana adzulodzulo akundidumpha chifukwa cha pepala limodzi la Giredi 12. Choncho Loweruka lililonse ndinkakwera minibasi pa Masala kupita ku Itawa, kwa aphunzitsi ena opuma pantchito amene ankaphunzitsa akuluakulu m'galaja mwawo. Anali bambo a ku Chipata, osakonda kuseka, ndipo malo m'galajamo anali asanu ndi atatu okha. Ena ankadikira kuti wina achoke.

Kwathu mutu wa masamu unapita kwa munthu mmodzi, achimwene anga aakulu, amene ndi injiniya pa mgodi ku Kitwe. Bambo athu, omwe anali kalaliki komanso mkulu wa mpingo, ankatero poyera, ndipo ife tinakula tikudziwa kuti achimwene akanena nambala, nkhani yatha. Ndiye ndikapatsidwa ntchito ya kunyumba ndinkaichita ndithu, kenako ndinkajambula funsolo pa foni n'kuwatumizira. Iwo ankalemba yankho pakapepala ali pantchito, n'kulijambula, n'kundibwezera. Likasiyana ndi langa, ndinkafufuta langa osaganiza kawiri.

Aphunzitsi anandigwira chifukwa cha labala. Tsiku lina anakweza kope langa kuwindo, pomwe pepala linali litapyapyala ndi kufufuta.

"Mayi, apa pansi panali chiyani?" anandifunsa.

Ndinaulula zonse. Sanandikalipire. Anangoti iwo saphunzitsa foni, ndipo ndikadzabweretsanso yankho limene sindingathe kuliimira ndekha, mpando wanga adzaupereka kwa wina. Potuluka anandipatsa kope langa, m'kati mwake muli kalata yolemba pamanja. Ndinaiwerenga m'minibasi, manyazi atandigwira ngati aliyense akuiona. Ndikali nayo mpaka lero.

"Mayi, sindikukuletsani kufunsa. Koma chithunzi cha yankho chikafika, chitani izi musanachikhulupirire. Gadabuzani foni, muyambe mwamaliza funsolo nokha, chifukwa mukaona yankho la wina msanga, dzanja lanu lidzangolilondola. Mukatero tsegulani buku, osati chithunzi, mutenge nambala zimene mwapatsidwa muziike m'malo mwa x ndi y m'funso lenilenilo. Ngati mizere ili iwiri, yesani yonse iwiri. Yankho lolakwa likhoza kukwana pa mzere umodzi. Lanunso muliyese chimodzimodzi, osalikondera. Pomaliza onani ngati funso la pa chithunzi ndi lomwelo la m'buku, nambala ndi nambala, mpaka m'mphepete. Wolemba akhale wophunzira chotani, amayankha zimene waona. Limene lakwana mizere yonse ndilo loona, kaya ndi la yani."

Kwa milungu iwiri ndinapirira osatumiza kanthu. Mlungu wachitatu aphunzitsi anatipatsa funso la mizere iwiri: 2x + y = 13, ndi x − y = 2. Ndinaphatikiza mizereyo, y n'kuchoka, kutsala 3x = 15. Ndinapeza kuti x ndi 5, y ndi 3. Zinandiphwekera kwambiri moti ndinachita nazo mantha. Ine masamu sanandikomerepo mtima chotero. Lachisanu pa nthawi yopuma masana ndinatsegula buku pabondo, ndinajambula, ndinatumiza ku Kitwe.

Yankho linabwera tisanaweruke. Dzanja la achimwene, lokongola ngati losindikiza: 3x = 3, x = 1, y = −1, atatseka ndi timizere tiwiri pansi pake. Labala ndinali nditamutulutsa kale m'chikwama, ndisaname.

Chinandiletsa si nzeru ayi, koma mpando uja. Nditafika kunyumba ndinakhala pakhonde, ndinatsegula buku, ndinayamba ndi yankho la achimwene. Mzere wachiwiri: 1 kuchotsapo −1, ndi 2. Zakwana. Ndinatsala pang'ono kulekera pomwepo, poti ndine yani ine kuti ndiziyesa injiniya? Koma kalata inati mizere yonse. Mzere woyamba: 2 kuchulukitsa ndi 1, kuphatikiza −1, ndi 1. Buku likuti 13. Ndinabwereza katatu, yankho osasuntha.

Ndinayesa langa. 2 kuchulukitsa ndi 5 ndi 10, kuikapo 3, ndi 13. Pa 5 kuchotsapo 3, ndi 2. Mizere yonse iwiri. Ndinangoyang'ana kope ngati si langa.

Chinatsala n'kudziwa kumene achimwene anaitenga 3x = 3 ija. Ndinatsegula chithunzi chimene ndinatumiza ine, n'kuchikuza ndi zala. Buku lija ndinalijambula pabondo, tsamba litapindika, ndipo m'mphepete munaduka. Pa 13 panangooneka 1. Achimwene sanalakwitse masamu. Anayankha bwinobwino funso limene kulibe, ndipo wolipanga ndinali ine.

M'mawa mwake m'galaja anzanga anali atafananiza kale mayankho, koma ine ndinangokhala. Aphunzitsi atafika pa kope langa anaona 5 ndi 3, popanda pofufuta.

"Ili n'la ndani?"

"Langa, aphunzitsi."

"Mwadziwa bwanji kuti n'loona?"

Ndinapempha choko. Ndinapita pa bolodi, ndinalemba mayankho onse awiri, ndinawayesa pamaso pa onse, ndinaonetsanso chithunzi choduka chija. Bambo wina woyendetsa mathiraki, amene ankakonda kulankhula Chibemba, anati, "Ba mayo, mwabombeni," kutanthauza kuti mayi, mwagwira ntchito. Aphunzitsi anangoti, "Khalani pansi, mayi, pampando wanu." Ndinanyada, ndipo sindibisa. Ndinayenda kuchoka m'galajamo mpaka pokwerera basi ndikumwetulira ndekha ngati wamisala.

Chovuta chinali achimwene. Kwathu mlongo wamng'ono sauza mkulu wake kuti yankho lake silinakwane, ndiye ndinaganiza zongokhala chete. Koma Lamlungu titatuluka m'tchalitchi anaimba okha.

"Iwe, zija zinayenda? Wani ndi mainasi wani?"

"Achimwene, pepani, ndine ndinajambula moipa. Paja si wani, ndi satini. Tsamba linapindika."

Ndinkamva akuwerengera chapansipansi.

"Ndiye ndi faifi ndi firii. Kakonze msanga usanapereke."

"Ndinapereka kale dzulo. Faifi ndi firii."

"Anakuuza ndani?"

"Palibe. Ndinali nditapeza ndisanakutumizireni. Lanu ndinaliika m'funso la m'buku, linakwana mzere umodzi wokha."

"Unandiyesa ine?"

Ndinaganiza zopepesanso, koma chopepesera sindinachione.

"Ee, achimwene. Ndinakuyesani."

Anaseka, kuseka kwenikweni, mpaka ndinamva alamu akufunsa chapatali kuti kwagwanji. Atatha anandifunsa mofatsa, mawu atasintha.

"Mayankho ena aja ndinkakutumizira, nawonso unkakhala utapeza kale ako?"

"Ee."

"Akasiyana unkatani?"

"Ndinkafufuta anga."

Sanasekenso. Anapuma mozama, kenako anati, "Chemwali, usadzafufutenso."